Kufooka kwa wayifayi m'nyumba

Kufooka kwa wayifayi m'nyumba ndi kuchepa kwa mphamvu ya mafunde a wailesi pamene akuyenda kuchokera pa rauta kukafika pa foni kapena kompyuta. Zinthu zazikulu zimene zimachititsa vutoli ndi zitatu: mtunda, makoma ochindikala ndi zitsulo. Nthawi zambiri vutoli limatha posuntha rauta, osati pogula bando ina.

M'madera a kummwera kwa boma la Lilongwe monga Mitundu, Nathenje ndi midzi yoyandikana ndi mapiri a Dzalanyama, wayifayi ya panyumba kawirikawiri imachokera pa karauta kokhala ndi simukhadi ya Airtel kapena TNM. Choncho pali maulendo awiri. Woyamba ndi wochokera pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, wachiwiri ndi wochokera pa rauta kufika pa foni. Ngati intaneti ikuthamanga munthu akaima pafupi ndi rauta koma ikuchedwa kuchipinda, vuto lili m'nyumba. Ngati ikuchedwa ngakhale pafupi, vuto lili pa ulendo woyamba.

Mtunda

Mafunde amamwazikana akamapita kutali. Pamalo opanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mphamvuyi imayezedwa mu dBm, ndipo nambala yake imakhala ndi chizindikiro chochotsera. Pa -50 dBm wayifayi ndi yamphamvu, pa -67 dBm ndi yokwanira kuonera kanema, koma ikafika -80 dBm imayamba kudukaduka. Kuwirikiza mtunda kawiri kumachotsa 6 dB.

Makoma ndi zitsulo

Khoma la njerwa zootcha, zidina kapena simenti limamwa gawo la mafunde, ndipo likakhala lochindikala kapena lonyowa limamwa kwambiri. Mafunde akadutsa khoma mopendekera amayenda mtunda wautali mkati mwa njerwa kusiyana ndi akalidutsa molunjika. Chitseko chathabwa ndi katani sizitchinga kwenikweni.

Chitsulo chimachita mosiyana: chimabweza mafunde monga mmene kalilole amabwezera kuwala. Kuseri kwa shelefu yachitsulo, firiji, chitseko chachitsulo kapena mpanda wamalata kumakhala ngati mthunzi kumene wayifayi imafika movutikira. Denga lamalata nalonso limachepetsa netiweki yochokera pa nsanja, n'chifukwa chake rauta yasimukhadi imagwira bwino pafupi ndi windo.

Marauta ambiri amatulutsa mafunde a 2.4 GHz, ndipo ena amatulutsanso a 5 GHz. A 5 GHz amathamanga pafupi koma amafooka msanga pakhoma, pamene a 2.4 GHz amafika patali.

Chitsanzo

Chitsanzo chabwino ndi golosale ya pamsika wa Mitundu yokhala ndi nyumba kumbuyo. Rauta yaikidwa pansi pa kauntala, ndipo mwana wasukulu akuwerengera kuchipinda cha pa mamita 8, kuseri kwa shelefu yachitsulo ndi makoma awiri anjerwa. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, chifukwa makoma amasiyana.

Pa mita imodzi foni ikuonetsa -40 dBm. Kufika pa mamita 8 mtunda wawirikiza katatu, kotero 18 dB yachoka ndipo patsala -58 dBm. Khoma lililonse likachotsa 8 dB, patsala -74 dBm. Shelefu ikachotsa 10 dB, kuchipinda kukufika -84 dBm, ndipo kanema wa phunziro amangoimaima.

Rauta ikasamutsidwa n'kuikidwa pamwamba m'chipinda chapakati, mamita 4 kuchokera kwa mwanayo, pamatsala khoma limodzi ndipo shelefu sikutchinganso. Mtunda umachotsa 12 dB, khoma 8 dB, ndipo foni imaonetsa -60 dBm. Kusiyana kwa 24 dB kukutanthauza mphamvu yochuluka pafupifupi nthawi 250, popanda kugula chilichonse.

Zoyenera kusuntha

Choyamba kusuntha ndi rauta, chifukwa ndi yopepuka kuposa shelefu kapena firiji. Iyenera kukhala pamwamba, poonekera, osati m'kabati, pansi kapena kuseri kwa wailesi yakanema. Chachiwiri ndi zitsulo zimene zili pa mzere wolunjika pakati pa rauta ndi pamene munthu amakhala. Chachitatu ndi tebulo lowerengerapo, limene likhoza kuyandikira khomo lotsegula.

Pali malire ake. Malo apakati panyumba ndi abwino kwa wayifayi, koma pawindo loyang'ana kunsanja ndi pabwino kwa netiweki. Zikasemphana, eni nyumba amayesa mawindo angapo n'kusankha limene lili pafupi ndi zipinda zogwiritsidwa ntchito kwambiri. Ndi bwino kusuntha chinthu chimodzi pa nthawi n'kuonanso timizere ta wayifayi pa foni, kuti chidziwike chimene chathandiza.