K300 Yowonjezera Mwezi Uliwonse: Mmene Nkhongole ya Pampu Imathera Msanga

Mmodzi mwa alimi amene anaphunzira pano anatiyendera tsiku lina atanyamula pepala la nkhongole yake, nkhope ili gwa. Anakongola K20,000 yogulira pampu ya dzuwa yothirira dimba lake la matimati ndi repu. Anali atalipira chaka chathunthu osaphonya mwezi ndi umodzi womwe, ndipo ndalama zimene anapereka zinakwana K14,171. Koma pepalalo linkasonyeza kuti nkhongole yotsala inali K11,755. “Aphunzitsi,” anatero iye, “kodi anthuwa sakundibera?” Tinakhala naye pansi ndi kuwerengera mwezi ndi mwezi, ndipo tinapeza kuti palibe ngwee imene inasowa. Umo ndi mmene nkhongole yotere imayendera. Masamu omwewo amene anamukwiyitsa ndiwo amathandiza munthu woonjezera kangachepe pa malipiro ake.

Nkhongole iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Pali ndalama yeniyeni imene munatenga, imene pano tiziitcha thunthu, ndiponso pali chiwongoladzanja, chomwe ndi mtengo wogwiritsira ntchito ndalama ya eni ake. Pangano la mlimi wathuyu linali la miyezi 24, chiwongoladzanja 3 peresenti pamwezi, kutanthauza K3 pa K100 iliyonse, ndipo chinkawerengedwa pa thunthu lotsala mwezi umenewo. Malipiro a mwezi uliwonse anali K1,181. Wokongoza wanu angakupatseni peresenti ina, koma kayendedwe kake kadzakhala kameneka.

Mwezi woyamba thunthu linali lonse, K20,000, motero chiwongoladzanja chinali K600. Wokongoza amayamba watenga chiwongoladzanja chake, ndipo chotsala ndicho chimadula thunthu. Pa K1,181 ija, K581 yokha ndiyo inachepetsa nkhongole, n'kutsala K19,419. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chinatsika pang'ono kufika pa K583, ndipo K598 inapita ku thunthu. Zimapitirira choncho, pang'onopang'ono, mpaka mwezi womaliza pamene chiwongoladzanja chimangokhala K34. Ichi n'chifukwa chake m'chaka choyamba K5,926 inapita ku chiwongoladzanja ndipo thunthu linatsika ndi K8,245 yokha. Akadzamaliza miyezi 24 adzakhala atapereka pafupifupi K28,343, ndiye kuti pampu ya K20,000 idzakhala itamudyera K8,343 yapamwamba.

Tsopano tiyerekeze kuti kuyambira mwezi woyamba iye ankaonjezera K300, n'kumapereka K1,481. Chiwongoladzanja cha mweziwo chalipidwa kale ndi malipiro a nthawi zonse, choncho K300 yonseyo imagwera pa thunthu popanda kugawana ndi wina. Thunthu likutsala K19,119 m'malo mwa K19,419, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chikuchepa ndi K9.

Tikudziwa kuti K9 ndi ndalama yoti munthu angaiseke. Ophunzira athu amaseka ndithu tikafika pamenepa m'kalasi. Koma K300 imene yachoka pa thunthu siibwereranso. Siidzabala chiwongoladzanja mwezi wachiwiri, wachitatu, kufikira wa 24. Komanso K9 yopulumukayo siikhala chabe: popeza malipiro sanasinthe, nayonso imapita kukadula thunthu, n'kuchepetsanso chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira. Zili ngati kupalira udzu usanachite njere. Mukuchotsa udzu wa lero pamodzi ndi umene ukanamera kuchokera pa iwo. Tikawerengera mpaka kumapeto, K300 imodzi yokha ya mwezi woyamba imapulumutsa pafupifupi K290 ya chiwongoladzanja.

Akamaonjezera K300 mwezi uliwonse, nkhongoleyo imatha m'mwezi wa 18, ndipo malipiro omalizawo amangokhala pafupifupi K854. Zonse pamodzi amapereka pafupifupi K26,030. Chiwongoladzanja chatsika kuchoka pa K8,343 kufika pa K6,030, ndiye kuti K2,310 kapena kupitirira pang'ono yatsala m'thumba mwake. Kuonjezera apo, miyezi isanu ndi umodzi imene akanakhala akupereka K1,181 wamasuka. Kwa mlimi miyezi imeneyi ingakhale yofunika kuposa ndalama yopulumukayo, makamaka ikagwa pa nthawi yogula feteleza ndi mbewu kapena yolipira ana kusukulu.

Wina anganene kuti mlimi salandira malipiro a pamwezi ngati mphunzitsi kapena namwino, ndipo akunena zoona. Wa dimba lothirira amapezako ndalama miyezi yambiri, koma wa chimanga, soya kapena mtedza amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka, akagulitsa zokolola. Kwa iye funso ndi lakuti ndalama yowonjezerayo ipite liti. Pa nkhongole yomweyi, K3,000 yoperekedwa kamodzi pa mwezi wachisanu ndi chimodzi imapulumutsa pafupifupi K1,870, ndipo nkhongole imatha m'mwezi wa 20. K3,000 yomweyo ikaperekedwa pa mwezi wa 18 imangopulumutsa pafupifupi K480. Ndalama ndi imodzimodzi, koma yoyambayo yaletsa chiwongoladzanja kwa miyezi yambiri, pamene yachiwiriyo yafika wokongoza atatenga kale gawo lalikulu la phindu lake. Choncho amene akufuna kuonjezera achite zimenezi pa zokolola zoyamba atatenga nkhongole, asadikire zachiwiri.

Zonse tafotokozazi zimagwira ntchito pokhapokha chiwongoladzanja chikamawerengedwa pa thunthu lotsala. Pamapepala ambiri njira imeneyi imalembedwa m'Chingelezi kuti `reducing balance`. Pali njira ina, yolembedwa kuti `flat rate`, imene chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yonse imene munatenga pachiyambi, ngakhale mutabweza kale theka lake. Pa K20,000 ya 3 peresenti kwa miyezi 24, chiwongoladzanja chotere ndi K600 mwezi uliwonse mpaka kumapeto, zonse pamodzi K14,400, ndipo malipiro a pamwezi amafika K1,433. Onse awiri angakuuzeni kuti “3 peresenti”, koma kusiyana kwake n'kopitirira K6,000. Pa nkhongole yotereyi ndalama yonse yobweza inakhazikitsidwa tsiku limene munasaina. Mukaonjezera mudzamaliza msanga, inde, koma chiwongoladzanja sichitsika, kupatula ngati panganolo likunena momveka kuti womaliza msanga amachotseredwa gawo lina. Popanda mawu amenewo, mwangopereka ndalama yanu msanga kwa munthu amene sanakupatseni kanthu pobwezera.

Ngakhale pa nkhongole ya thunthu lotsala, ndalama yowonjezera ikhoza kusochera. Mlimi wina amene anaphunzira pano anatumiza ndalama yowonjezera pafoni kwa miyezi inayi osauza aliyense. Atapita ku ofesi anapeza kuti ndalamazo zinangosungidwa pambali monga malipiro a mtsogolo, zikudikira tsiku lake. Thunthu silinatsike kuposa mmene likanatsikira, ndipo chiwongoladzanja chinkawerengedwa ngati kuti sanaonjezere kalikonse. Panalibe kuba, koma panalibenso phindu. N'chifukwa chake musanayambe kuonjezera, pitani kwa wokongoza mukanene kuti ndalama yapamwambayo idule thunthu tsiku lomwe yafika, ndipo mupemphe kuti zimenezi zilembedwe. Mufunsenso ngati pali chindapusa cha kumaliza nkhongole nthawi isanakwane, chifukwa mapangano ena ali nacho. Chikakhalapo, chiyerekezeni ndi ndalama imene mungapulumutse. Chindapusa cha K500 sichingakuletseni kupulumutsa K1,870, koma chimameza K480 yonse.

Okongoza ena, thunthu likatsika, amakufunsani ngati mukufuna kuti malipiro a pamwezi achepe kapena kuti nthawi ifupike. Kuchepetsa malipiro kumapepuza mtolo wa mwezi ndi mwezi, ndipo kwa amene akuvutika n'kwanzeru. Koma amene akufuna kupulumutsa chiwongoladzanja chambiri asankhe kufupikitsa nthawi, malipiro akhale momwemo.

Kudziwa ngati ndalama yanu yagwira ntchito sikufuna maphunziro apamwamba. Pemphani sitetimenti mwezi wotsatira. Tengani thunthu lotsala limene lalembedwa kumapeto kwa mwezi wathawo, mulichulukitse ndi peresenti ya pamwezi pa kakyuleta ya foni yanu, ndipo muone ngati yankho likufanana ndi chiwongoladzanja chimene akulipiritsani. M'chitsanzo chathu, K19,119 kuchulukitsa ndi 0.03 imapereka pafupifupi K574. Mukapeza K583, dziwani kuti K300 yanu sinafike pa thunthu. Kusiyana kwa makwacha ochepa kungabwere chifukwa okongoza ena amawerengera masiku, ndipo miyezi siifanana kutalika, koma thunthu lolembedwalo liyenera kusonyeza ndalama yanu yonse.

Pali nthawi zimene ife eni timaletsa ophunzira athu kuonjezera. Ndalama imene yapita pa thunthu simungaiitanitsenso, ndipo nthawi zambiri siikuchotserani udindo wa mwezi wamawa: K1,181 idzafunikabe pa tsiku lake. Munthu amene wakokolola zonse mu Julayi kuti adule nkhongole, kenako n'kulephera malipiro a mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe imapepuka ndipo matimati amavutika ndi chiwawu cha nyengo ya mvula, adzalipira chindapusa cha kuchedwa chimene chingadye zonse zimene anapulumutsa. Ife timalangiza kuti muyambe mwasunga ndalama yokwana malipiro a miyezi iwiri, ndipo chowonjezera chichokere pa zotsala pamenepo.

Ndalama ya feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'dimba nayonso isakhudzidwe. K300 yodula thunthu imakupulumutsirani K3 pa K100 pamwezi, koma K300 yomweyo ikasowa pa nthawi yopopera matimati mungataye mabokosi angapo, ndipo dimbalo ndilo likulipira pampu. Chimodzimodzinso amene ali ndi nkhongole ziwiri. Ngati kuwonjezera pa ya pampu muli ndi kaloba, kumene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimaposa kutali cha ku banki, kwacha iliyonse yapadera iyambe yapita kumeneko, kwinaku mukupereka malipiro a nthawi zonse a pampu. Kaloba akatha, ndalama imene inkapita kumeneko itembenukire pa thunthu la pampu.

Mlimi wathu uja, wa nkhope ya gwa, anali atatsala ndi miyezi 12 ndi thunthu la K11,755. Tinamuuza mosabisa kuti phindu lalikulu la kuonjezera linali m'chaka chimene chinapita, pakuti chiwongoladzanja chonse chimene chinatsala patsogolo pake chinali pafupifupi K2,417 basi. Komabe tinawerengera naye, ndipo tinapeza kuti akamaonjezera K300 kuyambira mwezi wa 13, adzamaliza m'mwezi wa 22 m'malo mwa wa 24. Anapinda pepala lake, nati adzayamba wakafunsa ku ofesi ngati ndalama yowonjezera imadula thunthu kapena imangosungidwa.