Chifukwa chake "I am knowing" amaithetha

Wophunzira wa Sitandade 8 ku Neno akalemba kuti "I am knowing the answer" pokonzekera mayeso a MANEB, mphunzitsi amamuthetha. Gwero la vutoli ndi Chichewa: "ndikudya" ndi "ndikudziwa" onse ali ndi "-ku-", choncho mwana amaika "-ing" ponseponse.

Pa Chingerezi, "-ing" amasonyeza ntchito imene ili mkati. Aneni monga "know", "want" ndi "belong" satchula ntchito, koma mmene zinthu zilili. Munthu akafunsidwa kuti akutani, angayankhe kuti akudya, osati akudziwa. Cholondola ndi "I know the answer".

Wosokoneza kwambiri ndi "have". "I am having lunch" n'chiganizo cholondola chifukwa chikunena za kudya, pomwe "I am having a pen" n'cholakwika popeza chikunena za umwini.