Polemba malonda a usipa, lembani tsiku louyeza

Abale ndi alongo m'Chisilamu, amene mumagulitsa usipa, utaka ndi kambuzi pa Chiponde, ambiri mwa inu masiku ano mumalengeza malonda polemba pa katoni kapena kutumiza uthenga pa foni. Koma uthenga wongoti “usipa wabwino ulipo” umabala mikangano, pakuti wogula wochokera ku Namwera kapena kutsidya ku Mandimba amakwera kabaza asanauone usipawo.

Gwero la mikangano yambiri ndi madzi. Usipa wosaumitsitsa umalemera, ndipo ukamapitiriza kuuma sikelo imatsika. Tiyerekeze kuti mayi wina wapikula thumba la makilo 20 padoko la Makawa Lolemba. Pofika Lachisanu, thumba lomwelo likhoza kuwerenga makilo 18. Mayiyo akalemba 20, sanabe dala, komabe wogula alipira madzi amene anapita ndi mphepo. Choncho yezaninso tsiku lomwe mukulemba, ndipo chotsanipo kulemera kwa thumba kapena dengu. Sura 83 ya m'Kurani ikuchenjeza mwamphamvu ochepetsa muyeso, ndipo sikelo yonama ndi cholembera chonama mlandu wake ndi umodzi.

Uthenga wa mayi uja ungalembedwe motere: “Usipa woyanika padzuwa, osati wofutsa. Wachoka pathandala Lolemba, wayezedwa lero Lachisanu, makilo 18 popanda thumba. Makilo 2 apansi ndi oduka mitu, mtengo wake ndi wotsika. Tengerani pakhomo la msika swala ya Juma ikatha, kufikira Asiri. Bwerani ndi thumba lanu.” Awonjezerepo mtengo wa kilo imodzi, ndipo anene ngati ndi makwacha kapena metikali, chifukwa pamalire pano ndalama zonse ziwiri zimayenda.

Mawu oti “watsopano” musawalembe opanda tsiku. Usipa wouma bwino umathyoka ukaupinda, pomwe wachinyezi umangopindika, ndipo nyengo ya dzinja suchedwa kuchita nkhungu. Mukapeza ufa pansi pa thumba, dziwani kuti tizilombo talowa kale. Zimenezi zilembedwe, osati kuika wonyezimira pamwamba. Mu Sahihi Muslim muli nkhani ya Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) atapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika n'kupeza kuti m'kati ndi monyowa ndi mvula. Anadzudzula mwini wake chifukwa chosaika chonyowacho poonekera.

Pa za nthawi, “masana” si nthawi. Wina amafika dzuwa lili paliwombo, wina litapendeka, apeza mwanyamula kale. Lembaninso kuti amene wasungitsa katundu mumudikira mpaka liti, ndi kuti pomupatsa mudzayezanso iye akuona.