Kalata yokumbutsa kasitomala amene wachedwa kulipira

Kalata yokumbutsa za malipiro imalembedwa pamene tsiku lolipira invoyisi ladutsa koma ndalama sizinalowe. Cholinga chake ndi kupeza pamene ndalamazo zatsakamira ndi kumva tsiku lenileni limene zidzaperekedwe. Makasitomala ambiri ochedwa sakhala akukana ngongole. Kawirikawiri invoyisi imakhala itagona pa desiki ya munthu amene ali pa tchuthi, kapena ikusowa pepala limodzi loti aofesi ya zachuma aivomereze.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yosindikiza mabuku ku Lilongwe imene inasindikizira bungwe lina mabuku a malisiti. Invoyisi nambala 0147 ya K1,850,000 inatuluka pa 3 Malichi, ndipo anagwirizana kuti ilipiridwe m'masiku 30, kutanthauza pofika pa 2 Epulo. Lero ndi pa 30 Epulo, papita milungu inayi.

Asanalembe chilichonse, wosunga mabuku a ndalama amayamba wafufuza kwake komwe. Amayang'ana sitetimenti ya kubanki, ndi ya Airtel Money kapena Mpamba ngati kampani imalandiriranso kumeneko, chifukwa ndalama zina zimalowa zopanda nambala ya invoyisi, mwinanso m'dzina la munthu amene anakaziika. Amakumbukiranso kuti mabungwe ambiri amadula msonkho wopita ku MRA asanalipire, choncho ndalama zolowa zimatha kucheperako pa zimene zili pa invoyisi. Zikatero, chofunika kupempha ndi satifiketi yosonyeza msonkho umene anadulawo. Kukumbutsa munthu ngongole imene analipira kale kumachititsa manyazi, ndipo kumachititsa kuti makalata otsatira asamawerengedwe mwachidwi.

Kalatayo imapita kwa amene amakonza malipiro, ndipo amene anaitanitsa katundu amangopatsidwako kope. Mawu ake angakhale otere:

"Okondedwa akulu a zachuma, tikukhulupirira kuti muli bwino. Tikukukumbutsani za invoyisi nambala 0147 ya pa 3 Malichi, ya K1,850,000, ya mabuku a malisiti amene tinakusindikizirani. Inayenera kulipiridwa pofika pa 2 Epulo, koma m'mabuku mwathu ikuonekabe kuti sinalipiridwe. Tatumizanso kope la invoyisiyo, oda yanu ndi pepala limene munasaina polandira katundu. Chonde tiuzeni pofika pa 7 Meyi tsiku limene mudzalipire. Ngati pali chimene chikuchedwetsa, tidziwitseni kuti tichikonze. Ngati munalipira kale, titumizireni umboni wake. Zikomo kwambiri."

Ulemu wa kalatayi uli poti ikunena zimene zili m'mabuku popanda kuloza munthu chala. Mawu akuti "ikuonekabe kuti sinalipiridwe" akupereka mpata woti mwina cholakwika chili kwa wolembayo. Komabe ulemu usafike pobisa nkhani. Ambiri amayamba ndi "pepani kukuvutitsani" n'kumaliza ndi "mukapeza mpata", ndipo kalata yotere imaikidwa pansi pa mulu wa mapepala chifukwa yanena yokha kuti ikhoza kudikira. Tsiku la 7 Meyi ndi limene limapatsa kalatayo mphamvu. Mapepala atatu otumizidwa limodziwo nawonso si okongoletsa: m'mabungwe ambiri wokonza malipiro saloledwa kutulutsa ndalama mpaka oda, invoyisi ndi umboni woti katundu anafika zitagwirizana. Kulira kuti antchito sanalandire malipiro kulibe malo m'kalatayi, ngakhale zitakhala zoona. Chiwongoladzanja cha kuchedwa chisatchulidwe pokhapokha ngati chinali m'mgwirizano kuyambira pachiyambi, ndipo za maloya n'zosayenera pa kalata yoyamba.

Yankho limene labwera limasonyeza mtundu wa vuto. Akati invoyisi sanailandire, kope lija lathetsa kale nkhaniyo ndipo chatsala n'kufunsa tsiku. Akati malipiro akudikira saini ya abwana, ndi bwino kufunsa kuti abwanawo abwera liti, n'kudzaimba foni tsiku lomwelo. Akadandaula kuti mabuku ena anasindikizidwa molakwika, kampani ipemphe kuti alipire gawo limene palibe mkangano pamene zotsalazo zikukonzedwa. Kasitomala amene wanena poyera kuti ndalama zamuvuta ndi wosavuta kugwira naye ntchito kusiyana ndi amene amangoti "mawa" sabata ndi sabata. Ndi wonena poyerayo, kampani ingagwirizane zolipira m'zigawo, mwachitsanzo K925,000 kawiri, ndipo masiku ake alembedwe ndi kusainidwa.

Pakafika pa 7 Meyi popanda yankho, wosunga mabuku amaimba foni tsiku lotsatira, n'kulemba mu imelo zimene agwirizana pafonipo kuti pakhale umboni. Kalata yachiwiri imatchula tsiku la yoyamba, imapereka tsiku lomaliza lolipira, ndipo imanena kuti ntchito ina yapangongole iyamba yaima mpaka invoyisi 0147 italipiridwa.