Kutsimikizira zaka za munthu amene akuti wapitirira 110

Chiphaso chomwe munthu walandira atakalamba sichikwanira kutsimikizira zaka zake, chifukwa nthawi zambiri chimangolemba zomwe mwiniwake wanena. Akatswiri a kafukufuku amayamba ndi chikalata chomwe chidalembedwa munthuyo ali khanda, monga cha kubadwa kapena cha ubatizo. Kenako amalondola dzina lake m'mabuku a ukwati ndi a kalembera wa anthu, kuti aone ngati ndi munthu yemweyo. Amafufuzanso za abale ake, popeza mwana amatha kupatsidwa dzina la mkulu wake amene adamwalira, zaka za awiriwo n'kusokonezeka.

Umu ndi momwe adatsimikizira zaka za Jeanne Calment wa ku France. Mabuku akuonetsa kuti adabadwa mu 1875, adakwatiwa mu 1896, ndipo adamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122.