Bipi Ikagwa, Si Onse Amene Diripi Imawapulumutsa

Wodwala akafika kuchipatala ali lefu, thukuta lozizira lili kamukamu, abale amangodikira chinthu chimodzi: amuike diripi. Kawirikawiri amakhala akulondola. Koma alipo odwala ena amene madzi omwewo amawafulumizitsa kumanda, ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa zoti adziwe kuti uyu ali mbali iti.

Vutoli achipatala amalitchula kuti shoko: magazi sakufika mokwanira ku ubongo, ku impso ndi ku ziwalo zina. Mtima umagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, nambala ya pamwamba ya bipi imatsika pansi pa 90, mkodzo umachepa, ndipo munthu amayamba kubwebweta kapena kuodzera. Ukafinya chikhadabo chake kwa masekondi 5 n'kusiya, chimatha masekondi oposa 3 chisanafiirenso.

Kayendedwe ka magazi kali ngati mpope wa madzi. Madzi akhoza kuchepa, monga zimakhalira pa kolera, pa ngozi, kapena mayi akataya magazi pobereka. Imeneyi ndi shoko ya haipovolemiki. Pampu yeniyeniyo, mtima, ikhoza kufooka, ndiye ya kadiyojeniki. Tizilombo tikhoza kuchititsa kuti mitsempha itanuke ndi kuchucha, ndiye ya seputiki. Kapenanso chinthu chikhoza kutsekereza njira mtima uli bwinobwino, ndiye ya obusitirakitivi.

Zinayi zonsezi bipi yake imafanana. Chosiyanitsa chimapezeka pa manja, pa khosi ndi m'chifuwa.

Manja ozizira amasonyeza kuti thupi lafinya mitsempha kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi ku mtima. Manja ofunda bipi ili pansi amaloza ku tizilombo, makamaka ngati thupi latentha, ngakhale kuti matendawa akakula, ndiponso mwa ana ambiri, manja amazizira ndithu.

Khosi ndiye limanena zambiri. Dokotala amamutsamiritsa wodwala pang'ono n'kuyang'ana mitsempha ya m'mbali mwa khosi. Ikakhala yophwa, magazi obwerera ku mtima ndi ochepa, ndipo madzi angathandize. Ikafufuma mpaka kufupi ndi nsagwada, magazi alipo koma akusowa podutsa: mwina mtima watopa, mwina watsekerezedwa. Apa m'pamene amamvetsera m'chifuwa. Mapapo akamathetheka mbali zonse ziwiri, munthu akukana kugona chagada chifukwa chobanika, ndi mtima umene walephera, ndipo diripi yothamanga idzamumiza. Mapapo akamamveka bwino koma kugunda kwa mtima kukumvekera patali, amaganizira madzi amene adzaza m'thumba lokuta mtima, vuto limene kuno kwathu nthawi zambiri limayamba ndi chifuwa chachikulu. Mwendo umodzi ukakhala wotupa, amakayikira magazi oundana amene atseka mtsempha wa m'mapapo.

Titenge chitsanzo cha mnyamata wa kabaza amene wagundidwa ndi galimoto. Bipi ili 80/50, mtima ukugunda ka 130, manja ali zii. Aliyense angaganize kuti akutaya magazi m'kati, ndipo n'koyenera kuyamba kuganiza choncho: munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo wachinyamata angataye lita imodzi ndi theka bipi isanagwe. Koma uyu mitsempha ya m'khosi yafufuma, mimba ndi yofewa, mbali ya kumanja kwa chifuwa siikumveka mpweya, ndipo kholingo lakankhidwira kumanzere. Nthiti yothyoka yaboola phapo. Mpweya ukulowa m'chifuwa osatuluka, ndipo ukupanikiza mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi ku mtima. Apa sadikira ekisire. Amabaya singano yaikulu pakati pa nthiti za mbali yodwalayo, mpweya n'kutuluka, bipi n'kuyamba kukwera, kenako amaika chubu m'chifuwa. Chenjezo ndi lakuti mnyamatayu akanakhala kuti akutayanso magazi, khosi likanatha kuoneka lophwa, choncho chizindikiro chimodzi sichikwanira.

Wa kolera wamkulu amene wauma kwambiri amafunika madzi ochuluka zedi, mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse m'maola 3. Wotaya magazi amafunika magazi ndi kutseka pamene akutulukira. Pa shoko ya tizilombo m'pofunika kusamala. Kafukufuku wa ana a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania wa mu 2011, ndi wina wa akuluakulu wa ku Lusaka wa mu 2017, anapeza kuti kuthira madzi ambiri mofulumira kunachulukitsa imfa. N'chifukwa chake dokotala wosamala amapereka mankhwala opha tizilombo msanga, madzi pang'onopang'ono, n'kumabwereza kuyang'ana khosi ndi chifuwa.

Abale nawo ali ndi mbali yawo. Auzeni achipatala mosabisa ngati wodwala wakhala akutsegula m'mimba, kutentha thupi, kukhosomola kwa nthawi yaitali kapena kumwa mankhwala a mtima. Ngati ndi mayi amene wadumphitsa kusamba ndipo akumva kupweteka m'mimba, nenani pomwepo, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika magazi amatayikira m'kati osaoneka.