Foni ndi laputopu zikakana kugawana mapasiwedi

Anthu ambiri amaganiza kuti foni ndi laputopu zimatumizirana mapasiwedi ndi mabukumaki, aja maadiresi a masamba a pa intaneti amene timasunga kuti tidzawapeze msanga. Koma ziwirizi sizilankhulana n'komwe. Mu bulawuza ya Chrome, chipangizo chilichonse chimatula katundu wake ku akaunti ya Google n'kutenga zimene chinzake chasiya kumeneko, ngati alimi awiri osungira chimanga m'nkhokwe imodzi. Ntchitoyi imalembedwa kuti Sync. Zinthu zikapanda kuoneka mbali ina, funso n'lakuti: kodi zafika ku akaunti, ndipo ndi akaunti iti?

Tiyerekeze mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kabungwe kena. Pa laputopu ali ndi mabukumaki ambiri komanso pasiwedi yolowera tsamba la banki. Akatsegula Chrome pa foni sakupezamo kanthu.

Choyamba aone imelo imene ili pa chipangizo chilichonse. Pa laputopu adine kachithunzi kozungulira kali pamwamba kudzanja lamanja, ndipo pa foni alowe mu Settings ya Chrome. Kuno kwathu vuto limakonda kukhala pomwepa. Foni ikagulidwa, nthawi zambiri wogulitsa kapena mwana wa pakhomo ndiye amatsegula akaunti ya Gmail mwachangu kuti WhatsApp ilowe, mwini wake osaidziwa bwino. Laputopu nayo ili pa imelo ya kuntchito. Maakaunti awiriwo sangagawane kanthu ngakhale mutadikira chaka chathunthu. Aonetsetsenso kuti pa foni akutseguladi Chrome, chifukwa Opera Mini ndi Samsung Internet zimasunga zinthu kwake kwake.

Tinene kuti imelo ndi imodzi. Apa pali tsamba limene ambiri salidziwa, koma limathetsa zongoganizira:

```
chrome.google.com/sync
```

Tsambali limaonetsa kuchuluka kwa mabukumaki ndi mapasiwedi amene ali ku akaunti. Mayi uja akapeza kuti kulibe kapena n'zochepa kwambiri, ndiye kuti laputopu siikutumiza, ndipo kugwiragwira foni n'kutaya nthawi. Akapeza zochuluka, foni ndiyo siikulandira.

Ngati vuto ndi laputopu, alembe izi pamalo olemba adiresi:

```
chrome://settings/syncSetup
```

Mwina apeza mawu akuti Sync is paused. Izi zimachitika munthu akasintha pasiwedi ya Google, kapena ngati Chrome inauzidwa kuti izifufuta zosungidwa za masamba nthawi iliyonse ikatsekedwa. Choopsa chake n'chakuti bulawuza imapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, n'kumasunga zatsopano pa laputopu pokha, mwini wake osazindikira kwa miyezi. Kulowanso mu akaunti kumakonza zimenezi. Kenako aone mndandanda wa zimene zikutumizidwa, chifukwa Bookmarks ndi Passwords zili ndi batani lake lake, ndipo limodzi likhoza kukhala lozimitsidwa lina lili loyatsa. Maonekedwe a tsambali amasintha malinga ndi Chrome imene muli nayo, ndipo yatsopano imatha kukuuzani kuti mapasiwedi ena ali pa chipangizo chokhacho, n'kukupatsani mwayi wowasamutsira ku akaunti.

Ngati vuto ndi foni, nthawi zina chimene chimatsekereza ndi passphrase, mawu achinsinsi apadera amene munthu amatha kuika kuti ngakhale Google isawerenge zimene wasunga. Akaikidwa pa laputopu, foni imafuna mawu omwewo isanatsegule chilichonse. Mawuwa si pasiwedi ya Gmail, ndipo akaiwalika palibe angakukumbutseni. Njira yotsala ndi kufufuta zonse za ku akaunti pa tsamba loyamba lija n'kuyambiranso kuchokera pa chipangizo chimene chili ndi zinthu.

Pamenepa ndikupemphani kuti musapupulume. Musanafufute, tsegulani `chrome://bookmarks` pa laputopu, dinani timadontho titatu, musankhe Export bookmarks kuti mukhale ndi fayilo yosungira. Mapasiwedi nawo amatheka kuwatulutsa, koma fayilo yake aliyense woitsegula amawerenga zonse. Musaitumize pa WhatsApp, ndipo muifufute ntchito ikangotha.

Nthawi zina palibe chasokonekera. Mabukumaki osungidwa pa foni amakhala mu foda ya Mobile bookmarks, pomwe a pa laputopu amapezeka pa foni mu foda ina, choncho yang'anani m'mafoda onse musanadandaule.

Mayi uja akamaliza kukonza, ayese ndi chinthu chimodzi. Asunge bukumaki yatsopano pa laputopu, atsegule Chrome pa foni ili ndi bandulo, aifufuze. Zonse zikakhala bwino imafika pasanathe mphindi zochepa. Koma ngati laputopuyo ndi ya ku ofesi, yogwiritsa ntchito anthu angapo, ndi bwino Passwords ikhale yozimitsa, chifukwa Sync ikayamba kuyenda, mapasiwedi osungidwa pa foni adzafikanso pamaso pa aliyense wokhala pa mpandowo.